Kalata yotseguka kwa mkulu woyang'anira chithandizo cha TB m'zipatala za m'dera lathu ku Harare

Bwana,

Takupatsani ulemu wanu. Ife amene talemba kalatayi timaperekeza odwala chifuwa chachikulu cha TB kuchipatala ndi kuwamasulira zimene anamwino anena, makamaka achikulire olankhula Chichewa a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Epworth. Makalata amene tinabweretsa mwakachetechete ku ofesi yanu, opempha pepala la Chichewa lofotokoza kamwedwe ka mankhwala a TB, sanayankhidwe, ndiye ino taiika poyera.

Timvereni nkhani ya bambo mmodzi, monga ambiri amene anabwera kuno kalekale kudzagwira ntchito n'kukalambira konkuno. Chishona cha pamsika amachimva, koma cha m'chipinda cha namwino, cholankhulidwa mofulumira kuseri kwa kansalu ka pakamwa, chimawadutsa. Alemera makilogalamu 58, ndipo ayamba mankhwala pa 25 Malichi. Pa khadi lawo palembedwa 2RHZE/4RH. Kwa inu zilembozi n'zomveka: miyezi iwiri ya mankhwala anayi ophatikizidwa m'piritsi limodzi (rifampisini, aisoniyazidi, pirazinamayidi ndi ethambutolo), kenaka miyezi inayi ya awiri okha, rifampisini ndi aisoniyazidi. Pa kulemera kwawoko amwa mapiritsi anayi tsiku lililonse. Koma bambowo zonsezi azimva kudzera mwa mdzukulu wa sitandade yapakati, amene Chichewa chake ndi cha m'khitchini, ndipo iye anena kuti, “Agogo, akuti mumwe miyezi isanu ndi umodzi.”

Vuto loyamba lagona pomwepo. Chichewa chathu chimawerenga 6 ngati “isanu ndi umodzi”, ndipo munthu wodwala, wotopa, wa makutu olemera, amagwira mawu akuti “isanu” n'kutaya otsalawo. Kunyumba ayamba kuwerenga ndi zala mayina a miyezi: Malichi, Epulo, Meyi, Juni, Julayi. Malichi amuwerenga wathunthu ngakhale anamwa masiku 7 okha. Pakutha pa Julayi aona kuti amaliza. Tsono werengani monga chiwerengera chipatala chimene chimatenga mwezi ngati masiku 28. Gawo loyamba ndi masiku 56, litha pa 19 Meyi. Gawo lachiwiri ndi masiku 112, liyamba pa 20 Meyi n'kutha pa 8 Seputembala. Onse pamodzi ndi masiku 168, mapiritsi 672. Bambo aja asiya kutatsala masiku 39, ali ndi mtima woyera kuti amvera zonse zimene anauzidwa. Akadzabweranso akutsokomola, m'kaundula mudzalembedwa kuti anathawa mankhwala.

Sanathawe, bwana. Pofika nthawi imeneyo chifuwa chinali chitaleka kalekale, thukuta la usiku litasiya, nsima ikulowa, lamba wa buluku atabwerera pa bowo lake lakale. Anansi anali atayamba kuwauza kuti “mwachira”. Palibe amene anawafotokozera m'chilankhulo chimene amaganiziramo kuti kupeza bwino ndi kuchira ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pepala la Chichewa limene tikupempha liyenera kuyambira pa kusiyana kumeneku.

Chifukwa chake n'chosavuta kunena ngati munthu afuna. Tizilombo ta TB m'mapapo sitikhala tofanana. Tambiri timaswana mofulumira, ndipo timeneti timafa m'masabata oyambirira. N'chifukwa chake munthu amapeza bwino msanga. Koma pali tina tobisala m'zilonda za m'mapapo timene timakhala ngati tagona, n'kumadzuka mwa apo ndi apo. Mankhwala amatipha bwino pamene tadzuka, ndiye ayenera kupezeka m'magazi tsiku ndi tsiku kwa miyezi yonseyo kuti atipeze. Mlimi aliyense akudziwa kuti kapinga ukangosadza masamba n'kusiya mizu, mvula ikagwa amaphukanso. Miyezi iwiri yoyamba ikusadza masamba. Inayi yotsatirayo ikukumba mizu. Ndipo munthu amene akumwa modumphadumpha, lero inde mawa ayi, kapena kuchepetsa mapiritsi yekha, akupatsa mpata tizilombo tolimba kuti tipulumuke n'kuswana. Zikatero TB ikhoza kubwerera itakana rifampisini ndi aisoniyazidi, mankhwala awiri amphamvu kwambiri amene tili nawo, ndipo munthuyo afunika mankhwala ena ovutirapo, amene ngakhale mdzukulu uja adzawafuna ngati wapuma mpweya wa m'chipinda chimodzi n'kutenga mtundu womwewo. Ndime imeneyi simungaisiyire mwana wa sukulu kuti aimasulire pa benchi ya pakhonde.

Tikudziwa yankho limene limabwera: “Onsewa amamva Chishona.” Ambiri amamva ndithu, ndipo ana athu ena Chishona ndiye chawo choyamba. Koma zilankhulo zoyandikana ndi zimene zimapusitsa, chifukwa munthu amagwedeza mutu poganiza kuti wamva. Namwino akati “kupedza” akutanthauza kumaliza, pamene khutu la Mchewa limamva kupeza. Akati mankhwala “apera” akunena kuti atha, koma kupera kwathu ndi kwa pamphero. Ngakhale m'Chichewa chokhachokha muli misampha. “Mawa” ndi “m'mawa” zimasiyana ndi kachilembo kamodzi, ndipo womasulira wosasamala akhoza kusandutsa “mumwe m'mawa” kukhala “mumwe mawa”. Mawu akuti “anayi pa tsiku” munthu wozolowera mankhwala ena amawamva kuti limodzi m'mawa, lina masana, lina madzulo, lina pogona. Pepalalo linene mosabisa: mapiritsi onse anayi nthawi imodzi, kamodzi pa tsiku, m'mawa musanadye, ndi madzi. Ndipo 6 alembedwe ndi nambala, pambali pake mawu akuti “sikisi” amene aliyense amanena, ngakhale akatswiri a chilankhulo akwinye nkhope.

Pa tsiku la 57 pali msampha wina. Paketi imasintha, piritsi limaoneka mwina, ndipo wodwala amene sanachenjezedwe amaganiza chimodzi mwa ziwiri: kuti apatsidwa mankhwala olakwika, kapena kuti awa ndi ongotsitsimula thupi poti enieni aja atha. Musafotokoze ndi mtundu wa piritsi wokha, chifukwa mtundu umasintha ndi kampani yopanga. Jambulani mabokosi 168, mzere wokhuthala pakati pa 56 ndi 57, tsiku lomaliza lilembedwe ndi dzanja la namwino, ndipo pansi pake palembedwe kuti tsiku lodumpha silikhululukidwa, limakankhira tsiku lomaliza kutsogolo. Pomwepo pakhalenso masiku opereka makhololo, pakutha pa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi womaliza, ndi mawu akuti wonena kuti mwachira ndi chipatala chitayeza, osati mneba.

Zina tingozitchula mwachangu, poti inu mukuzidziwa kuposa ife. Mkodzo ndi misozi zofiirira ngati madzi a lalanje zimachokera ku rifampisini ndipo sizoopsa, koma munthu wosauzidwa amati akukodza magazi n'kusiya. Maso achikasu, kusanza kosaleka ndi kupweteka kwa m'mimba ndi chiwindi chikudandaula, ndipo pamenepo athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Onani kuti womasulira akasokoneza “kufiira” ndi “chikasu” wasinthanitsa chosaopsa ndi choopsa. Kuona mwachimbuuzi kukhoza kuchokera ku ethambutolo, kukanenedwe msanga. Dzanzi ndi kuyaka kwa mapazi ndi aisoniyazidi, ndipo kuli kapiritsi ka vitamini B6 kothandiza. Mowa, kachasu makamaka, umawonjezera katundu pa chiwindi chomwecho. Amayi a mapiritsi olera kapena kolowetsa pamkono adziwe kuti rifampisini amachepetsa mphamvu yake. Amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo okhala ndi dolutegiraviya amawonjezeredwa piritsi lina madzulo, ndipo ayenera kudziwa chifukwa chake kuti asaliyese lolakwika. Wonenepa ayezedwenso sikelo, poti chiwerengero cha mapiritsi chimatsata kulemera.

Palinso nkhani ya ulendo, imene wolemba mapepala ali mu ofesi sangaiganize. Anthu athu maliro akagwa kumudzi amakwera basi ya ku Nyamapanda, kudutsa Tete mpaka Mwanza kapena Dedza, atanena kuti abwera sabata yamawa, n'kukakhala mpaka kumeta. Mapiritsi a masabata awiri amathera kumeneko. Munthu akadumpha miyezi iwiri yotsatizana amawerengedwa kuti wasowa, ndipo akabwera ayenera kuyezedwanso ndi kuyambiranso. Mzere umodzi wokha ungateteze zimenezi: musananyamuke kauzeni namwino, tengani khadi lanu ndi kalata, ndipo mapiritsi akatsala pang'ono kaonekereni kuchipatala cha boma kumene muli.

Bwana, sitikupempha chachilendo. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, mu gawo 6, amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo amati nthambi za boma zilabadire chilankhulo chimene anthu okhudzidwa ndi uthenga wa boma akufuna. Tinaombera m'manja chaka chimenecho. Pa 24 Malichi chaka chilichonse, tsiku lokumbukira TB pa dziko lonse, timamva zolankhula zoti palibe wosiyidwa m'mbuyo, timavala malaya olembedwa uthenga, timabwerera kunyumba, ndipo agogo aja akadali ndi khadi limene sangaliwerenge. Anamwino sitikuwada, mzere wa odwala umafika pachipata, ndipo alibe chopereka m'manja mwa munthu. Ife tomwe timamasulira tatopa ndi kulemba masiku kuseri kwa makatoni a mankhwala, aliyense m'mawu ake, popanda dokotala wotsimikiza kuti talemba zoona.

Ndiye tikupempha izi. Lamulani kuti pakhale pepala limodzi la Chichewa, mbali ziwiri, zilembo zazikulu: kutsogolo mabokosi a masiku ndi kamwedwe, kumbuyo chifukwa chomalizira mwezi uliwonse ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala. Alimasulire wolankhula Chichewa pamodzi ndi namwino wa TB. Wina amene sanaone loyambalo alibwezere m'Chishona kapena m'Chingerezi kuti muone pamene tanthauzo lapotoka. Kenaka liwerengedwe kwa achikulire khumi a ku Mbare ndi Mabvuku, aliyense afunsidwe kuti anene yekha mapiritsi angati, kangati pa tsiku, mpaka liti. Pamene awiri aphonya, mzerewo ulembedwenso. Mawu omwewo ajambulidwe kuti azimveka pa foni, chifukwa ambiri mwa amayi achikulire sanapite kusukulu. Ndipo pa tsiku loyamba la mankhwala namwino afunse funso limodzi, lakuti kunyumba mumalankhula chilankhulo chanji, yankho lilembedwe pa khadi.

Omasulira alipo, ndipo ntchitoyi tiigwira osalipidwa mukangotipatsa namwino mmodzi ndi tsiku lokumana. Tikuyembekezera yankho lolembedwa, lotchula tsikulo, pasanathe masiku 28.

Ndife anu,
Operekeza odwala TB olankhula Chichewa, Harare