Kalata yotseguka kwa phungu wa dera lathu: anthu anu akuberedwa m'dzina la ntchito zakunja

Olemekezeka,

Landirani moni. Ndalemba poyera chifukwa makalata amene ndinasiya ku ofesi yanu sanayankhidwe, ndipo ndikapitako amangondiuza kuti bwana ali ku Nyumba ya Malamulo. Ine ndili ndi kashopu ka fotokope ndi intaneti kuno ku Lilongwe. Achinyamata ofuna ntchito zakunja amadzasindikiza mapepala awo pamakina anga, kotero ndimaona zinthu zimene mwina sizifika patebulo lanu.

Pali mayi wina woyandikana nane, wamasiye, telala. Mwana wake wamkazi anamaliza Fomu 4, nkukhala pakhomo opanda ntchito. Tsiku lina anaona uthenga pafoni wakuti ku Mangalande kukufunika anthu osamalira okalamba. Ejenti wake anali ndi ofesi ya chipinda chimodzi m'tauni, setifiketi ili m'felemu pakhoma. Anayamba ndi K150,000 ya fomu. Kenako ya "kusungitsa malo", kenako ya viza, kenako ya inshulansi, mpaka zonse zinakwana K3.5 miliyoni. Mayiyo anatenga za banki mkhonde, zitaperewera anapita kwa akatapila, chikole chake makina awiri osokera. Tsiku la ulendo anachita hayala galimoto kupita kubwalo la ndege ku Lumbadzi, achibale ataperekeza, poti ejenti anati tikiti ndi pasipoti adzapereka pakhomo lolowera. Anadikira mpaka dzuwa kulowa, foni yosagwira. M'mawa mwake ku ofesi kuja anapeza loko, mwini nyumba akudandaulanso kuti sanalipidwe lendi. Makina aja anatengedwa. Lero mayi amene ankasoka mayunifomu a sukulu yonse amakhala pakhonde ndi singano yapamanja, kumasoka zigamba za K500, ndipo pasipoti ya mwana wake sikudziwika kumene ili.

Chimene chimandiwawa kwambiri, Olemekezeka, n'chakuti bodza lonseli likanaoneka pasanathe ola limodzi, popanda kulipira kanthu kupatula bandulo. Anandibweretsera mapepalawo madzi atafika kale m'khosi, tinakhala pansi nkuwafufuza.

Tinayamba ndi setifiketi ya pakhoma ija, poti mtsikanayo anali ataijambula pafoni. Inali yolembetsa dzina la bizinesi ku ofesi ya Registrar General, basi. Pepala lotere lili ngati kalata ya kubadwa: limanena kuti mwana anabadwa tsiku lakuti, silinena za khalidwe lake. Munthu aliyense wofuna kugulitsa simenti kapena kuphika zakudya angalipeze. Sichilolezo chotumizira anthu kunja. Nkhani yotumiza anthu kukagwira ntchito kunja imayang'aniridwa ndi Unduna wa Zantchito, choncho funso loyenera kumufunsa ejenti ndi lakuti, kalata yochokera ku undunako ili kuti? Akaionetsa, munthu asaikhulupirire pomwepo, apite nayo ku ofesi ya zantchito akafunse ngati akuidziwa. Ejenti woona sakwiya ndi funso limeneli. Wa mayi uja atafunsidwa ndi mlamu wawo za mapepala ena, anayankha kuti malo atsala awiri okha, ofunsafunsa atsala. Ameneyo ndiye anali belu loyamba. Lachiwiri linali pa malisiti: ndalama zonse zinapita pa nambala ya foni ya munthu, ndipo dzina lotuluka pa uthenga wotsimikiza linali losiyana ndi la kampani, losiyananso ndi la ejentiyo.

Kenako tinatembenukira kwa olemba ntchito a ku Mangalande. Dziko la Britain lili ndi kaundula wa makampani wotchedwa Companies House, ndipo aliyense angamuone kwaulere pa find-and-update.company-information.service.gov.uk. Tinalemba dzina limene linali pamwamba pa kalata ya ntchito. Kampaniyo inapezekadi, ndipo mayiyo nkhope inayamba kuwala. Koma kupezeka m'kaundula si mapeto, chifukwa kulembetsa kampani kumeneko n'kosavuta komanso n'kotchipa. Pofunika kuyang'ana ndi pamene palembedwa Incorporated on, tsiku limene kampani inalembetsedwa. Kalata inkadzitama kuti akhala akusamalira okalamba kwa zaka 20, pamene kaundula ankaonetsa kuti kampaniyo sinakwanitse ndi chaka chomwe. Pansi pake pali Nature of business (SIC), manambala osonyeza mtundu wa ntchito. Nyumba zosungira okalamba zimakhala ndi nambala ngati 87300, osamalira okalamba m'makomo mwawo 88100. Iyi inalembetsa za malonda a pa intaneti, mkulu wake mmodzi yekha.

Kaundula wachiwiri ndiye wodula mlandu. Kampani ya ku Britain singatenge wantchito kuchokera kuno pa viza ya ntchito ngati ilibe laisensi ya boma lawo. Maina a makampani onse okhala ndi laisensiyo ali pa gov.uk, pa tsamba lotchedwa Register of licensed sponsors: workers. Munthu amatsitsa mndandandawo nkufufuza dzina. Ngati mulibe, nkhani yathera pomwepo, kaya kalata ili ndi zidindo zingati. Dzina lija munalibe. Tinayang'ananso pa cqc.org.uk, poti osamalira okalamba ku Mangalande amayenera kulembetsa ku bungwe la Care Quality Commission. Nakonso kunalibe. Webusaiti yawo yokongola ija tinailemba pa lookup.icann.org, nkupeza kuti inatsegulidwa masabata ochepa uthenga woitana anthu usanayambe kuzungulira.

Ndiye pali ichi, chimene ndikufuna muchimve bwino. Kuyambira pa 22 Julayi 2025, boma la Britain linatseka khomo loti makampani azitenga osamalira okalamba atsopano kuchokera kunja. Mayi uja analipira khomolo litatsekedwa kale. Ntchito imene anagulitsira makina ake kunalibe n'komwe, ngakhale kampaniyo ikanakhala yoona. Mpaka lero pamakina anga pakudutsa mafomu a ntchito yomweyo.

Sindikunena kuti akaundulawa amagwira mbava iliyonse. Akathyali ochenjera amabwereka dzina la kampani yeniyeni, imene ili m'kaundula ndipo ili ndi laisensi, nkuika nambala yawo ya foni ndi imelo yawo pa kalata. Mnyamata wina anabwera ndi yotere. Zonse zinkagwirizana, kupatula kuti imelo inathera pa gmail.com. Tinasiya nambala za pa kalatayo, nkufuna tokha webusaiti ya kampani yeniyeniyo, nkuwalembera kuwafunsa ngati akumudziwa ejentiyo komanso ngati kalatayo ndi yawo. Anayankha kuti sakulemba anthu ku Malawi. Mnyamatayo anali asanalipire, ndalama yake inapulumuka. Nambala imene wakupatsa ejenti imalira m'thumba mwa mnzake wa ejenti, ndiye yofunsira iyenera kukhala yodzipezera wekha.

Zina ndingotchula mwachangu. Ntchito yopatsidwa popanda kufunsidwa mafunso ndi olemba ntchito enieniwo. Malipiro aakulu pa ntchito yosafuna maphunziro. Kontirakiti imene akuti ukasaina ukafika, kapena yolembedwa m'chilankhulo chimene sukuchimva. Ejenti wosunga pasipoti yako. Ndi uyu wonena kuti lowa kaye ndi viza ya alendo tikakonzera konko, pamene viza ya alendo ku Britain siilola munthu kulembedwa ntchito. Ndipo malamulo a kumeneko salola mabungwe opezera anthu ntchito ngati izi kulipiritsa wofuna ntchitoyo, ndiye ndalama ya "kusungitsa malo" ikupita kwa yani?

Mayi woyandikana nane anataya chuma, koma mwana wake ali moyo pakhomo. Ena ndege anakweradi. Mukukumbukira amayi a ku Malawi oposa 50 amene anachita kupulumutsidwa ku Oman, atapita kukagwira ntchito za m'nyumba, nkulandidwa mapasipoti, ena kumenyedwa ndi kugwiriridwa. Nkhani yawo inamveka dziko lonse mu 2024. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015, ndipo chilango chake chimafika zaka 14 m'ndende, zaka 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana. Munalipanga ndinu a ku Nyumba ya Malamulo. Koma lamulolo limagwira ntchito munthu atavulala kale, pamene ine ndikupempha zothandiza asanalipire.

Ndimakulemekezani, ndipo voti yanga munailandira. Pa msonkhano wa kampeni pabwalo la sukulu munanena kuti ofesi yanu idzakhala ndi tebulo la achinyamata ofuna ntchito. Munanenanso kuti mudzaitana akuluakulu a zantchito kudzalankhula ndi makolo. Tinaomba m'manja, amayi analulutira. Tebulolo sitinalione, akuluakuluwo sanabwere. Pamene achinyamata 221 ananyamuka kupita kuminda ya ku Israeli mu Novembala 2023, anthu anaona ndi maso kuti ntchito zakunja zilipodi, ndipo kuyambira pamenepo wakuba aliyense amangoti "ngati aja a ku Israeli", makolo nkumasula chikwama. Inu mukudziwa kusiyanitsa ulendo wodutsa m'boma ndi wa munthu wa chipinda chimodzi. Telala wa kuno angadziwe bwanji ngati palibe womuuza? N'zomvetsa chisoni kuti ine wafotokope ndingathe kuona kaundula wa ku Britain ndili pampando wanga, koma kholo likandifunsa maina a maejenti ovomerezeka kuno kwathu, ndilibe pepala loti ndiliwonetse pakhoma la ofesi ya phungu wake.

Pempho langa ndi ili. Katengeni ku Unduna wa Zantchito mndandanda wa makampani ololedwa kutumiza anthu kunja, wokhala ndi maiko amene aloledwa kutumizako ndi tsiku limene chilolezo chikuthera. Muupachike ku ofesi yanu, kumsika ndi kwa mafumu a m'mabuloko, ndipo uziwerengedwa m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Ukasintha, musinthenso. Ku Nyumba ya Malamulo funsani nduna kuti mndandandawo uzilengezedwa pa wailesi m'Chichewa, pamodzi ndi maina a amene alandidwa zilolezo. Ku ofesi yanu ikani wachinyamata mmodzi ndi kompyuta, tsiku limodzi pa sabata, woti aziona mapepala a anthu asanalipire kanthu. Ndine wokonzeka kumuphunzitsa mwaulere, sizitenga masiku ambiri.

Ndipo za mayi uja: nkhani yake ili kupolisi, mauthenga onse otsimikiza ndalama tinawasindikiza, nambala zimene zinalandira ndalama zili ndi maina a eni ake. Ndikupempha mukumane naye mwezi uno usanathe, mumve kuchokera pakamwa pake, mumuthandize kulondola mlanduwo ndi kupeza pasipoti ina ya mwana wake. Mlembi wanu akudziwa pamene pali shopu yanga.

Ine wanu,
Mwini kashopu ka fotokope, wa m'dera lanu, Lilongwe