Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi: phunziro la sikelo ndi botolo la madzi

A tcheyamani ndi aphunzitsi anzanga a m'zoni yathu, ndabwerako kumene munandituma. Msonkhano unachitikira pasukulu ina ya sekondale muno mu Lusaka, ndipo kunali aphunzitsi ochokera ku Matero, Chawama, Chilenje ndi Kanyama. Nkhani zinali zambiri, zina za mafomu ndi mataimutebulo zimene mudzaziwerenga nokha. Chimene ndikufuna tikambirane ndi phunziro limodzi limene ndikuona kuti tingaliyambe temu ino popanda kupempha piriyodi yowonjezera: mwana adziyezere yekha madzi amene thupi lake limataya pabwalo.

Mfundo yake ndi yakuti kulemera kumene munthu amataya m'ola limodzi la masewera pafupifupi konse ndi madzi, si mafuta ayi, ndipo lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Choncho sikelo ingatiuze thukuta limene latuluka. Mwana ayambe wapita kukataya madzi, avule nsapato, akwere pasikelo ndi kulemba nambala yake. Botolo lake likhale lodziwika kukula, monga aja a mamililita 500, ndipo pomwa asalavule kapena kudzithira kumutu. Masewera akatha apukute thukuta, akwerenso pasikelo yomweyo. Kusiyana kwa manambala awiriwo kuphatikiza madzi amene wamwa, ndilo thukuta lake.

Chitsanzo chimene tinawerengera pabolodi ndi cha mnyamata wa giredi 10 wolemera makilogalamu 52.0. Wasewera mpira ola limodzi, wamaliza botolo lake la mamililita 500, ndipo pomaliza sikelo ikuwerenga 51.3. Watsika ndi 0.7, ndiye kuti mamililita 700. Tikawonjezera 500 aja, thukuta lake ndi malita 1.2 pa ola. Kodi wafika poipa? Malire amene akatswiri a masewera amagwiritsa ntchito ndi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi: kupitirira apo munthu amayamba kulefuka msanga, mtima umagunda kwambiri ndipo maganizo sakhazikika. Kwa mnyamatayu 2 peresenti ndi kilogalamu imodzi ndi pang'ono, 1.04. Iye watsika 0.7, sanafike. Koma muone: akanapanda kumwa botolo lija akanatsika 1.2, akanadutsa malire. Apa ndi pamene phunziro lagona, chifukwa mwana akuona ndi maso ake kuti botolo limodzi lomwe lija ndilo lamuteteza. Pobwezera, amwe kuposa zimene wataya popeza zina zituluka ndi mkodzo, pafupifupi lita imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse. Kwa iye ndi lita imodzi, pang'onopang'ono mpaka madzulo, osati kugugudiza nthawi imodzi.

Zosokoneza zilipo, ndipo tinaziona titayesa tokha pabwalo. Sikelo ya muvi siithandiza, chifukwa singasiyanitse 52.0 ndi 51.6, pafunika ya manambala yowerenga mpaka 0.1. Ikaikidwa padothi kapena pakapinga imapereka nambala ina nthawi iliyonse, choncho ikhale pasimenti, pakhonde la kalasi. Mphunzitsi wina, bambo wa thukuta lambiri, anakwera ndi jezi yonyowa chonchi yomamatira kumsana, sikelo n'kuonetsa ngati sanataye kanthu. Atavala youma nambala inatsika. Thukuta linali litatuluka m'thupi koma linali likadali m'nsalu. Ana athu ambiri alibe jezi yachiwiri, ndiye tingowauza kuti nambala ya thukuta lawo ndi yochepekera pang'ono kuposa yeniyeni. Amene wapita kuchimbudzi pakati pa masewera, nambala yake ya tsikulo tiisiye.

Mwana akapezeka kuti walemera kuposa poyamba, wamwa mopitirira. Izi tizinene poyera, chifukwa ife tazolowera kungofuula kuti imwani madzi ambiri. Madzi ochuluka kwambiri m'nthawi yochepa amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo munthu angadwale nazo kwambiri.

Panabuka mkangano pa za atsikana, ndipo unatenga nthawi. Mayi wina wa ku Chilenje anati mtsikana wa zaka 15 sungamukweze pasikelo anyamata akuonerera, mawa dzina lachipongwe lamumamatira, ena n'kuyamba kudzimana chakudya. Ena anati tingoyeza odzipereka atatu kapena anayi, kalasi yonse iwerengere pa manambala awo. Ine ndili kumbali ya mayiwo, koma sindikufuna kuti phunziro likhale la anyamata a timu ya sukulu okha. Tinagwirizana kuti aliyense akwere payekha, sikelo itayang'ana kukhoma, alembe m'kope mwake, ndipo kwa mphunzitsi apereke kusiyana kokha, osati kulemera kwake. Wosafuna asakakamizidwe. Ndipo tiwauze mobwerezabwereza kuti kutsikako si kuonda. Kuvala juzi padzuwa kuti utuluke thukuta n'kungodzimana madzi.

Masiku opanda sikelo mwana ayang'ane mkodzo wake m'mawa. Wotuwa mwachikasu pang'ono ndi wabwino. Wakuda ngati tiyi wopanda mkaka ndi wochepa, madzi akuperewera. Mapiritsi a mavitamini amausandutsa wachikasu chowala, pamenepo mtundu sunena zoona. Wofiira kapena wa magazi si nkhani ya ludzu, angakhale likodzo, apite kukiliniki.

Za chakudya tinaziika m'mphindi zisanu zomaliza, ana akupuma pamthunzi. Funso ndi limodzi: wadya chiyani lero usanafike pano? Mwana amene akuchita chizungulire pa piriyodi ya m'mawa nthawi zambiri ndi njala, madzi okha sangamudzutse. Nsima yokhuta imafuna maola awiri kapena atatu isanatsike, choncho ola limodzi masewera asanayambe zoyenera ndi zopepuka, monga mbatata yophika, nthochi kapena kapu ya maheu, amene ali ndi madzi ndi ufa pamodzi. Akaweruka, nsima ya nyemba kapena kapenta ibwezera mphamvu, zomanga thupi ndi mchere womwe. Zakumwa za m'zitini zimene amati zopatsa mphamvu zili ndi kafini ndi shuga wambiri, si za ana ndipo si zobwezera thukuta. Phunziro la ola limodzi madzi wamba akwanira.

Chinthu chimene a ku Kanyama sanalole kuti chidutse ndi ukhondo wa madziwo. Tonse tikukumbukira kuti mu 2024 sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale chifukwa cha kolera, ndipo odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium. Ndowa imodzi ndi kapu imodzi ya kalasi yonse zisaonekenso pabwalo. Chigubu cha malita 20 chokhala ndi kampopi, chothiridwa kolorini monga zalembedwera pabotolo ndi kudikira mphindi 30, mwana aliyense ndi botolo lake. Kalasi ya ana 60, aliyense mamililita 500, ndi malita 30, ndiye zigubu ziwiri.

Mwana amene wayamba kudzandira kapena kuyankha zosagwirizana padzuwa, nkhani ya sikelo yatha: pamthunzi, kumuthira madzi thupi lonse, kumukupiza, ndi kuthamangira kukiliniki. Ngati sakuzindikira bwino asamwetsedwe.

Ndikupempha kuti tiyese phunziroli kawiri, mu Okutobala kukatentha ndi mu Juni kukazizira, kuti mwana ayerekeze manambala ake. Pamsonkhano wathu ukubwerawu tigwirizane ngati tigula sikelo imodzi yoyendayenda m'zoni kapena sukulu iliyonse ipemphe kwa a hedi ake, komanso tisankhe mphunzitsi wamkazi woyang'anira mbali ya atsikana pasukulu zimene wa masewera ndi bambo.