Akuti ndiziyamba ndi kachinthu kamodzi

Azakhali,

Ndikulemba usiku, ana agona, ine tulo ayi. Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Area 25. Bambo awo ali ku Joni, za iwowo tisakambe lero.

Ndinkagulitsa mandasi mpaka mpamba unatha. Kuyambira pamenepo thupi langolemera. Ndimatha kugona mpaka 10 koloko, osasamba, mbale za dzulo zili pomwepo. Apongozi anabwera n'kupititsa chala pawindo, n'kundionetsa fumbi pamaso pa ana anga. Sanafunse n'komwe ngati tadya. Iwo akuti ndi ulesi. Ine amene ndinkadzuka 3 koloko kukanda ufa?

Kuchipatala namwino anandifunsa mafunso 9, za tulo, za kudya, ngati ndimaganiza zodzipha. Zimenezo ayi, ndinawauza zoona. Anati ndi matenda a maganizo, ndipo ndisamadikire kuti mtima ufune kaye, chifukwa ukagona wosachita kanthu maganizo amachuluka, mphamvu n'kutheratu. Akuti chilakolako chimabwera utayamba kale. Anati madzulo ndizilemba m'kope kachinthu kamodzi ka mawa ndi nthawi yake, ndipo ndizidzipatsa malikisi, 0 mpaka 10, a momwe ndikumvera ndisanayambe ndiponso ndikamaliza.

Ndinang'amba mapepala m'kope la mwana. Lolemba, kusesa pakhomo 7 koloko: ndisanayambe 2, nditamaliza 4. Lachiwiri kusamba n'kukhala panja padzuwa mphindi 10, zinachoka pa 2 kufika pa 3. Lachitatu ndinasesa koma sizinasunthe, 2 yemweyo. Lachinayi ndinadzuka bwinoko, ndiye ndinachapa zovala zonse ndi mabulangete omwe, kutunga zigubu zisanu, kukolopa, mwina kuti apongozi akabwera aone. Lachisanu ndi Loweruka sindinatuluke m'nyumba. Kopelo lili pansi pa matiresi, ndikuchita nalo manyazi.

Anatinso ndiikepo chondisangalatsa. Chiyani, Azakhali? Ndinkakonda kwaya, koma kumeneko kuli amayi a banki mkhonde, ndipo ndili nawo ngongole, sinditchula kuti zingati. Ngakhale madzi ndimakatunga masana dzuwa lili pamutu kuti ndisakumane nawo. Mchemwali wanga ali ku Kawale, ya minibasi ndilibe. Ena amati pita kokayenda, ngati kuyenda ndi njala n'kosangalatsa.

Ndiye ndikufunsa, tsiku limene malikisi sanakwere ndiye kuti sizikugwira, kapena ndizingopitiriza? Tsiku limene ndadzuka ndi mphamvu ndizileka dala ntchito ikadalipo, fumbi lili pawindo? Nanga amayi ajawa, ndiwalembe m'kope ngati kachinthu ka mawa, ndikangopereka moni kwa mmodzi ndilibe kanthu m'manja, kapena ndidikire ndipeze kangachepe? Tsiku lobwerera kuchipatala ndi Lachiwiri, ndipo masiku awiri aja ndi osalemba. Ndalingalira zongolembapo zabodza. Chala chija cha apongozi sichikundichoka m'maso.

Ine wanu,
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe