Lipoti la maphunziro a kalembedwe ka ndemanga pounika antchito

A Wapampando ndi mamembala onse a komiti, zikomo pondituma ku maphunziro a oyang'anira antchito amene anachitika kuno ku Mzuzu. Kunabwera anzathu a m'mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama ngati lathuli, ena a m'masukulu ndi a m'zipatala. Zamalikisi ndi kagawidwe kake anangozidutsa, ndipo inenso sindichedwa nazo. Nthawi yambiri tinathera pa kabokosi ka ndemanga kamene kali m'munsi mwa fomu younikira ntchito, kaja timalembamo mothamanga mu Disembala. Chimene ndabwera nacho n'chakuti mawu aliwonse olowa m'kabokosiko azikhala ndi tsiku lake komanso pepala lake loti munthu n'kulozapo.

Mphunzitsi wathu, mayi amene wakhala nthawi yaitali mu ofesi yoona za antchito, anatigawira fayilo ya wantchito wongopeka kuti tiyeserepo. Anali mlangizi wa ngongole woyendera magulu a alimi kupitirira Ekwendeni. Pa zimene anagwirizana ndi bwana wake mu Januwale panali kupereka lipoti la mwezi pasanadutse pa 5, ndi kuchepetsa magulu otsalira pobweza ngongole. Bwanayo anam'patsa malikisi 2 pa 5 n'kulemba kuti: "Sasamala ntchito. Amachedwa ndi malipoti nthawi zonse. Asinthe khalidwe."

Atatifunsa ngati ndemangayo ili bwino, ambiri tinati ilibe vuto, mwina yangouma. Mayiwo anati titsegule kaundula wolandirira malipoti tiwerenge tokha. Pa malipoti 12, asanu ndi atatu anafika pa nthawi yake. Ochedwa anali anayi: a Febuluwale, Malichi, Okutobala ndi Novembala. Pamenepo mawu oti "nthawi zonse" anagwa kale. Kumbuyo kwa fayiloyo kunalinso kalata imene mlangiziyo analemba pa 28 Januwale yodziwitsa ofesi kuti njinga yamoto yawonongeka, ndipo lisiti ya kugalaja inasonyeza kuti inatuluka kumapeto kwa Malichi. Inu mukuidziwa misewu yafumbi ya kumeneko nthawi ya dzinja. Miyezi iwiri imeneyo munthuyu ankayenda pa kabaza ndi wapansi, ofesi ikudziwa. Kum'lembera kuchedwa kumeneko ngati mlandu wake n'kumusenzetsa katundu wa bungwe.

Koma miyezi iwiri yomalizayo inalibe chifukwa chilichonse cholembedwa. Lipoti la mu Okutobala linachedwa masiku 6, la mu Novembala masiku 9. Komiti ya ngongole imakhala pa 10, choncho kawiri konse inakumana popanda manambala a dera lake, ndipo mu Novembala inaimika kaye mafomu 14 a alimi ofuna ngongole ya feteleza, mvula ili pafupi. Apa ndi pamene panali cholakwa chenicheni, ndipo ndemanga ya bwana ija sinachitchule n'komwe. Sinatchulenso kuti magulu otsalira pobweza anatsika kuchoka pa 9 kufika pa 3. Bwanayo analemba mu Disembala zimene zinali zisanazizire m'mutu mwake, miyezi iwiri yomaliza n'kuphimba chaka chonse.

Tinailembanso potsata njira imene anatipatsa: unene pamene zinachitikira, chimene munthu anachita chooneka ndi maso, chimene chinatsatirapo, kenako chimene mukufuna chichitike. Gulu lathu linatulutsa izi:

"Malipoti 8 mwa 12 anafika pasanadutse pa 5. A Febuluwale ndi Malichi anachedwa pamene njinga ya ofesi inali kugalaja (kalata yake ya pa 28 Januwale), ndipo sitinawawerengere. La Okutobala linachedwa masiku 6, la Novembala masiku 9, popanda kudziwitsa ofesi. Izi zinachititsa kuti mafomu 14 a ngongole asaunikidwe pa 10 Novembala. Tinakambirana pa 17 Novembala ndipo anavomera. Magulu otsalira pobweza atsika kuchoka pa 9 kufika pa 3, zimene zaposa zomwe tinagwirizana. Kuyambira Januwale, akaona kuti achedwa adziwitse ofesi pasanafike pa 3. Tidzaonanso kumapeto kwa Malichi."

Onani kuti mulibe mawu oti "waulesi" kapena "sasamala". Mawu otere amanena za mtima wa munthu, umene bwana sanauone, ndipo wantchito alibe poyambira kuwayankha kupatula kukwiya. Koma akauzidwa kuti lipoti linafika pa 14, angathe kuvomera, kapena kutulutsa umboni woti linafika pa 4 n'kugona pa tebulo la wina. Titawerenganso malikisi molingana ndi umboniwu, magulu onse anam'patsa 3 kapena 4. Palibe limene linabwerera pa 2.

Chachiwiri chimene anachedwapo, ndipo ine chinandikhudza kwambiri, ndi kuyeza anthu ndi muyezo umodzi. Anatipatsa fayilo ya mlangizi wina wongopekanso, woyendera amalonda a ku Chibavi ndi Zolozolo, amene bwana yemweyo anam'lembera kuti "wakhama, wansangala, wodalirika" n'kumupatsa 5. Kaundula anasonyeza kuti malipoti ake atatu anachedwa, chikhalirecho iye amayenda m'tauni momwe muno. Sizinalembedwe paliponse. Mayi aja anati vutoli ndi lakale: mu 1920 katswiri wina wa ku Amereka, Edward Thorndike, anaona kuti akuluakulu a asilikali akam'konda munthu pa chinthu chimodzi, ankamupatsa malikisi apamwamba pa zina zonse, ngakhale zosagwirizana. Mankhwala ake ndi osavuta. Osamaliza fomu ya munthu mmodzi n'kupita pa ya wina; tengani gawo limodzi, monga la malipoti, mulembe la antchito onse motsatizana, kaundula ali potsegula, kenako mupite gawo lina. Mukatero kukondera kumaonekera nokha musanasainire. Ndiwonjezere kuti ndemanga yotamanda yopanda umboni nayonso imam'lakwira munthu. Pakabwera mwayi wokwezedwa pa ntchito, "wansangala" sathandiza aliyense. Chothandiza n'choti "analembetsa magulu atsopano 7".

Pali malo amodzi pamene ndemanga ingatigwetse m'mavuto ndi lamulo, ndipo ndikupempha kuti apa tisamale. Lamulo la Zantchito la chaka cha 2000 limapatsa mayi woyembekezera tchuthi chosachepera masabata asanu ndi atatu, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Limanenanso kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chochotsera munthu ntchito kapena kumulanga. Tsono taganizani mlangizi amene ayenera kuyendera magulu 20 pa mwezi, kutanthauza maulendo 240 pa chaka. Wapita kutchuthi cha uchembere miyezi iwiri, chaka chatha atayenda maulendo 190. Bwana wosasamala agawa 190 ndi 240, apeza 79 pa 100, n'kulemba kuti sanakwanitse. Choyenera n'kuchotsa miyezi iwiriyo, kutsale maulendo 200, ndipo mayiyo wafika 95 pa 100. Ndemanga inene za miyezi khumi imene anali pa ntchito. Za mimba, za matenda ake, za kwawo kapena za mpingo wake zisalowe m'kabokosiko.

Mmodzi wa ophunzitsa, wodziwa malamulo, anatikumbutsa gawo 57 la lamulo lomweli, loti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza kagwiridwe ka ntchito, khalidwe lake kapena zosowa za bungwe, komanso kuti pa nkhani ya kagwiridwe ndi khalidwe ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Gawo 61 limati nkhani ikafika kubwalo, wolemba ntchito ndiye ayenera kusonyeza chifukwacho. Bwalo loweruza milandu ya zantchito lili ndi ofesi konkuno ku Mzuzu. Anati taganizani mwachotsa munthu ponena kuti ntchito yam'kanika, koma mafomu ake a zaka zitatu onse akuti "akuyesetsa" ndi malikisi 3, chifukwa bwana ankaopa kum'khumudwitsa. Mapepala anu omwe ndi amene adzakutsutseni. Koma chomwe ine ndikuona n'chakuti, bwalo lisanabwere n'komwe, munthuyo mwam'mana zaka zitatu zimene akanakonza ntchito yake akanauzidwa zoona.

Zonsezi sizitheka ngati umboni tikuusaka mu Disembala. Anatilangiza kuti woyang'anira aliyense akhale ndi kabuku, tsamba limodzi wantchito mmodzi, kolembamo tsiku, chimene chachitika, ndi pamene pali umboni wake: nambala ya lisiti, tsamba la kaundula, kalata. Zabwino ndi zolakwika zizilowa mofanana. Bambo wina woyang'anira anthu 15 anadandaula kuti nthawi palibe, ndipo anayankhidwa kuti mzere umodzi kapena iwiri Lachisanu lililonse ndi wokwana. Mayi wina anafunsa funso limene ine ndinaliona lolemera kuposa pamenepo, loti kodi kabukuko sikasanduka kosungiramo zifukwa? Yankho linali lakuti cholakwa chilichonse cholowa m'kabuku, mwiniwake auzidwe sabata yomweyo, ndipo tsiku lokambiranalo lilembedwe, monga "17 Novembala" uja. Chimene wantchito akuchimva koyamba tsiku lounika sichiyenera kum'chotsera malikisi. Zamphekesera nazonso ayi. Ngati membala wadandaula za kalaliki wa pakauntala, dandaulolo likhale lolembedwa, kalalikiyo amvedwe mbali yake, ndipo ndemanga inene zimene zinapezeka.

Pamodzi pokha sindinagwirizane nawo kwenikweni. Ena ankakankhira kuti ndemanga iliyonse ikhale ndi nambala. Ntchito ya mlonda, ya wolandira alendo, kapena mmene kalaliki amalankhulira ndi agogo amene sakumvetsa chiwongoladzanja, siilowa bwino m'manambala, ndipo tikaumiriza tidzayamba kuwerenga zinthu zopanda pake chifukwa choti n'zowerengeka. Pamenepo chitsanzo chimodzi chokhala ndi tsiku lake n'chokwana: "Pa 12 Juni anakhala ndi membala wokalamba mpaka atamvetsa chifukwa chimene ndalama zake zinadulidwira, ndipo membalayo sanatseke buku."

A Wapampando, ndikupempha komiti ikambirane zinthu izi pa msonkhano ukubwerawu. Kabokosi ka ndemanga pa fomu yathu n'kakang'ono, mizere iwiri yokha, moti ndemanga ngati ya mlangizi uja singakwanemo. Tikakulitse, ndipo pansi pake pakhale malo oti wantchito alembepo yankho lake asanasaine, siginecha yake itanthauze kuti wawerenga, osati kuti wavomereza. Popeza fomu yathu ndi ya Chingerezi, woyang'anira azim'fotokozera wantchito ndemangayo m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, chimene iye akumasuka nacho. Ndikupemphanso kuti mafomu onse asanapite m'mafayilo, manijala aziwaona pamodzi n'kubweza iliyonse yokhala ndi malikisi 1, 2 kapena 5 yopanda tsiku ndi umboni. Mafayilo awiri oyeserera aja ndawasiya kwa alembi, ndipo ngati komiti ivomereza, ndingakhale nawo pansi oyang'anira nthambi tiwalembere limodzi kuunika kwa pakati pa chaka kusanayambe.