Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe: kalata ya mayi wina kwa nesi wa pasukulu

Amayi apampando, a komiti ndi makolo anzanga nonse, ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma ku msonkhano wa masiku awiri wa makolo ndi azaumoyo pa nkhani ya matenda akugwa. Ndiyambe ndi za ndalama kuti mitima ikhale pansi. Malisiti a minibasi ndi a kogona ndinapereka kwa msungichuma Lolemba. Ya kabaza ilibe lisiti, poti wakabaza sayenda ndi buku la malisiti. Alawansi imene anatipatsa kumeneko inathera chakudya chamadzulo ndi kujambulitsa mapepala amene ndakubweretserani, choncho amene ankati ndikukadyerera angoona mapepalawo.

Tsiku loyamba linali la zolankhula za akuluakulu ndi zithunzi za pakhoma. Ananena zambiri za ndondomeko, ine ndinatolapo zakuti mankhwala akusowa m'zipatala, zimene tonse tikuzidziwa kale. Chimene chinandilipira ulendo chinachitika tsiku lachiwiri titadya nkhomaliro, anthu ena akusinza. Mayi wina anaimirira ndi pepala limodzi lolemba pamanja mbali zonse ziwiri. Inali kalata imene analembera nesi wa pasukulu yogonera konko, mwana wake wamkazi wa zaka 14 atasankhidwa kupita Fomu 1. Ndinamupempha kuti ndikopere, anavomera bola ndichotse mayina.

Ikuyamba chonchi: "Anesi, mwana wangayu ali ndi matenda akugwa kuyambira ali ndi zaka 9. Akulemera makilogalamu 42. Amamwa kabamazepini, mapiritsi a mamiligalamu 200: limodzi 6 koloko m'mawa, awiri 6 koloko madzulo, atadya. Ndasiya mapiritsi 270 kwa inu, a masiku 90. Chonde azimwera pamaso panu, ndipo muzichonga m'kope limene ndaikamo."

Taonani mmene walembera. Ife timakonda kunena kuti "amamwa oyera aja, awiri madzulo." Koma mapiritsi oyera alipo ambiri, ndipo mankhwala amodzimodzi amabwera amphamvu zosiyana. Mayiyu analemba dzina la mankhwala, mphamvu ya piritsi limodzi, kuchuluka kwake ndi ola. Kulemera kwa mwana sanakuike mongokometsera kalata. Dokotala wa ana amene analipo anafotokoza kuti mlingo wa mankhwalawa kwa ana amawerengera pa kilogalamu. Mtsikanayu akumwa mamiligalamu 600 pa tsiku, kugawa ndi 42 kumabwera pafupifupi 14 pa kilogalamu iliyonse, ndipo mlingo wa nthawi zonse umakhala pakati pa 10 ndi 20. Mwana akamakula n'kumalemera koma mapiritsi osasintha, mlingowo umatsika wokha mosaoneka, ndiye timadabwa kuti wayambiranso kugwa chikhalirecho sanadumphitse.

Apa ndisabise mawu. Sikelo ija tinasonkherana chaka chatha kuti tiziyeza ana pa msonkhano wa mwezi ndi mwezi ili kuti? Ndamva kuti ili kunyumba kwa wina ikuyeza soya. Sinditchula dzina, koma mwini wake akudzidziwa.

Ndibwerere ku kalata. Gawo lotsatira likuyankha mafunso amene nesi angakhale nawo usiku, foni ya mayi isakupezeka. "Akaiwala kumwa ndipo mwakumbukira pasanathe maola anayi, mpatseni. Akapitirira maola anayi, dikirani nthawi yotsatira, musaphatikize kawiri. Akasanza pasanathe mphindi 30 atamwa, mpatseninso. Akasanza pambuyo pake, musabwereze. Mankhwala akamatsala a masabata awiri, ndiimbireni. Asasiye kumwa mwadzidzidzi pa chifukwa chilichonse popanda dokotala." Kuphatikiza kawiri kumamuchititsa mwana chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri ndi kudzandira ngati woledzera. Kusiya mwadzidzidzi ndiye koopsa kwambiri, chifukwa kungabweretse kugwa kotsatizana kosalekeza.

Mzere wina ine sindikanauganiza n'komwe. Mayiyu analemba kuti mwana akadwala china, nesi asangotola mankhwala m'kabati, koma auze amene akulemba mankhwalawo kuti mwanayu ali pa kabamazepini. Dokotala uja anapereka zitsanzo ziwiri. Erithiromaisini, amene amaperekedwa pa chifuwa kapena zilonda zapakhosi, amachititsa kabamazepini kuchuluka m'magazi mpaka mwana kuledzera naye. Ndipo kabamazepiniyo amafooketsa LA wa malungo, moti mwana angamalize mapiritsi onse malungo osatheratu. Tangoganizani, kangati ana athu amwa LA ife osanena kanthu? Mayiyu analembanso kuti akatuluka zidzolo pakhungu, makamaka pamodzi ndi kutentha thupi kapena zilonda m'kamwa ndi m'maso, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osapaka mafuta n'kumadikira.

Kuseri kwa pepala n'kumene kuli za pangozi, ndipo apa holo yonse inadzuka. Mayiyu sanalembe za matenda akugwa a m'buku, analemba kugwa kwa mwana wake. "Amayamba ndi kumva ngati chinachake chikukwera kuchokera m'mimba. Kenako amangoyang'ana malo amodzi, amatafuna pakamwa palibe kanthu, ndipo dzanja lamanja limatolatola siketi. Mukamuitana sayankha. Nthawi zina zimathera pomwepo pakatha mphindi imodzi. Nthawi zina amauma thupi lonse, kugwa n'kuyamba kuphupha, kawirikawiri osapitirira mphindi ziwiri. Akatsitsimuka amasokonezeka ndipo amagona pafupifupi ola. Musamudzutse kuti abwerere m'kalasi." Anatiuza kuti ku pulayimale mphunzitsi wina anamukwapula mwanayu chifukwa chosayankha, akuyesa mwano, chonsecho kunali kuyamba kwa kugwa. Ndicho chifukwa chake kutolatola siketi kuja kuli m'kalata.

Zochita zake walemba mwachidule. Choyamba kuyang'ana wotchi, chifukwa munthu ukachita mantha mphindi imodzi imaoneka ngati khumi. Kuchotsa madesiki ndi zina zimene angadzipweteke nazo, kuika juzi pansi pa mutu, kumasula kolala. Osamupanikiza, osamuthira madzi, osaika supuni kapena chala m'kamwa: lilime silimezeka, koma mano amathyoka ndipo chala chimalumidwa. Kuphupha kukaleka, kumugoneka chammbali kuti malovu atuluke, osamupatsa madzi kapena chakudya mpaka atadzidzimukiratu. Anawonjezeranso kuti anzake amufunditse chitenje ngati wadzikodzera, ndipo awuzidwe kuti malovu kapena mpweya wake supatsira munthu matendawa.

Kenako mphindi zisanu. "Akaphupha kufika mphindi 5 osaleka, mpatseni dayazepamu wa mamiligalamu 10 kudzera kumatako monga adokotala alembera m'buku lake la kuchipatala, ndipo galimoto inyamuke nthawi yomweyo. Musadikire kuona ngati agwira ntchito." Anesi ena anasonyeza pa chidole mmene amachitira ngati palibe kachubu kokonzeratu: amakoka mamililita 2 a m'kabotolo kagalasi mu sirinji, amachotsa singano, amalowetsa masentimita 4 kapena 5, n'kugwira matako pamodzi kwa mphindi zingapo kuti mankhwala asabwerere. Vuto la dayazepamu n'loti angachedwetse kupuma, ndiye wina ayenera kumayang'ana chifuwa ndi milomo ya mwana njira yonse, ndipo mayiyu analemba kuti kusukulu apereke kamodzi kokha, kachiwiri akaonere kuchipatala. Zina zothamangira kuchipatala anazitchulanso: akagwa kachiwiri asanatsitsimuke, akavulala mutu, akagwera m'madzi, kapena kupuma kukamavuta kuphupha kutatha.

Mapeto a kalata ndi a tsiku ndi tsiku. Agone bedi lapansi. Asatseke chitseko cha kubafa ndi loko ndipo mnzake azikhala pafupi. Asatumidwe kuchitsime kapena kukhitchini pafupi ndi moto. Asachezere kuwerenga usiku wonse nthawi ya mayeso, poti kusagona ndi kutentha thupi ndizo zimamugwetsa. Koma netibolo azisewera, ndipo ntchito zina zonse azigwira ngati anzake. Pansi pali manambala a foni awiri, tsiku limene analemba, ndi siginecha ya kilinisha amene amamuona.

Tsopano zimene msonkhano unagwirizana. Akuti pakonzedwe fomu imodzi yosindikiza, ya m'Chingerezi, yongochonga m'mabokosi, kuti masukulu onse azigwiritsa ntchito. Ine ndinakweza dzanja kukana, ndinagonja pa voti, ndipo ndikukanabe. M'bokosi liti mmene mungachonge kuti mwana amatolatola siketi? Komanso usiku ku hositelo amene amayamba kuona si nesi, ndi ametironi kapena mtsikana wa bedi loyandikana. Fomu ikadzabwera tidzadzaza, koma kalata ya m'Chichewa iziyenda nayo.

Ndikudziwa chimene abambo ena pano anena, ndinachimva kale ndisanapite: "Kwathu kuno nesi wa pasukulu tinamuona kuti?" N'zoona, ana athu ambiri ali ku pulayimale yoyendera, kulibe nesi, kulibe dayazepamu, ndipo mphunzitsi wosaphunzitsidwa sangapereke mankhwala otere. Koma zimenezo sizikupha kalata, zikungosintha woilandira ndi mzere wa mphindi zisanu. Ifeyo tilembere ahedi ndi mphunzitsi wa kalasi, ina ipite kwa amayi a mathagulupu. Mankhwala amwera kunyumba m'mawa ndi madzulo, choncho gawo lija lifupika. Pamalo pa dayazepamu tilembe dzina ndi nambala ya wanjinga yamoto amene tagwirizana naye kale, ndi amene adzalipire, kuti aphunzitsi asayambe kufunsana za ndalama mwana akuphupha. Ine ndinganene kuti kwa ife amene chipatala chili kutali, foni kwa wanjinga iimbidwe pa mphindi zitatu, kuti zisanu zikamakwana akhale ali pakhomo. Awa ndi maganizo anga, si a msonkhano.

Ena mukuopa kuti kalata iulula mwana ndipo adzasekedwa. Wanga anagwa pa asembule ali Sitandade 4, ine nditabisa kwa zaka ziwiri. Ana anabalalika, mphunzitsi anamukanikiza supuni m'kamwa, dzino lakutsogolo lija mukuliona lobenthuka ndi la tsiku limenelo. Sukulu yonse inadziwa basi, koma inadziwira pa fumbi.

Chomaliza, ndipo ichi ndinachinena kale mu Malichi osandimvera: kubwerekana mapiritsi kuleke. Mwana wa fenobabitoni simungamupatse kabamazepini wa mnzake chifukwa choti kuchipatala atha. Mukalemba kalata yoti amamwa chakuti pamene kunyumba akumwa china, kalatayo idzasocheretsa adokotala tsiku la ngozi.

Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi buku la kuchipatala la mwana, kapepala kapena botolo la mapiritsi amene akumwa panopa, ndi cholembera. Amene savutika kulemba akhale pafupi ndi amene amavutika. Milingo ya m'kalata ya mayi uja ndi ya mwana wake, musaikopere, yanu ichokere m'buku lanu ndipo akilinisha akasainire. Ndajambulitsa makope 20 okha, ndiye mabanja ena agawana. Sikelo ija ibwere 8 koloko, yopukutidwa.