Kalata kwa mwana wanga asananyamuke ulendo wokaimba

Mwana wanga wokondedwa,

Mlongo wako wandiuza kuti mukunyamuka Lachisanu ndipo mudzakhala mukuimba nyimbo zanu za roko pafupifupi usiku uliwonse kwa milungu isanu. Wandiuzanso chinthu chimene iwe wandibisira, chakuti pa ulendo wapita uja unkamwa asipirini ndi kakapu ka mowa waukali usanakwere pansanja chifukwa kukhosi kunkapweteka. Nkhaniyi yandisowetsa tulo, chifukwa zaka zonse zimene ndinagwira unamwino pambali pa dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero ndinaona kumene njira imeneyi imathera.

M'kholingo mwako muli timinofu tiwiri topyapyala timene timagundana mpweya ukamadutsa, ndipo ukakweza mawu pamwamba timagundana maulendo oposa 400 pa sekondi imodzi. Pamwamba pa timeneti pali timinofu tina tiwiri tokhuthala, timene pa kuimba wamba timangokhala phee. Oimba amene amakuwa zaka zambiri osawononga mawu anaphunzira kuti kukhadzula kwa mawu kuja kuzichokera ku timinofu tapamwambati, timene timanjenjemera n'kusokoneza liwu, pamene tapansi tikugwira ntchito yake mosapanikizika. Ena amakuwa ndi kaphokoso kothetheka konga kamene umatulutsa ukangodzuka, ndipo kameneka n'kakang'ono kwambiri moti amene amakakuza ndi maikolofoni. Iwe uli wamng'ono unkabangula ngati mkango kuseri kwa khitchini tsiku lonse osasasa mawu, chifukwa sunkafinya khosi. Tsopano ukulimbana ndi ng'oma ndi magitala pogwiritsa ntchito mnofu wako, ngati kuti sipika kulibe.

Kukuwa kolondola sikupweteka. Ngati kukukanda, kukutsokomoletsa kapena kukusiya wosasa mawu m'mawa, ndiye kuti ukumenyanitsa timinofu tapansi tija, ndipo ululuwo ndi mlonda amene iwe ukumugoneka ndi mankhwala. Asipirini amachedwetsa magazi kuundana, choncho kamtsempha kakaphulika pa kamnofu kotupa kale, magazi amafalikira mosavuta. Mowa umaumitsa thupi, umakweza chilungulira kufika kukhosi ukagona, ndipo umakunamiza kuti zonse zili bwino pamene ukudzivulaza. Steven Tyler, woimba wa gulu la roko la Aerosmith, anavulala kukhosi mu Sepitembala 2023 mpaka timinofu take ta mawu tinatuluka magazi, ndipo mu Ogasiti 2024 gululo linalengeza kuti lasiya maulendo oimba. Ameneyo anali ndi madokotala amene iwe sungawakwanitse.

Tsono m'mawa uliwonse, usanayankhule ndi munthu, uziimba kachidutswa kamodzimodzi ka nyimbo ndi mawu apamwamba koma motsitsa kwambiri. Ngati liwu likuchedwa kutuluka, kapena kukungomveka mpweya pamalo pamene dzulo panamveka bwino, timinofu tatupa. Tsiku limenelo uuze anzako atsitse nyimbo zovutazo, uchepetse kukuwa, ndipo masana onse utseke pakamwa. Usanong'one poganiza kuti ukupumitsa mawu, chifukwa anthu ambiri amafinya khosi ponong'ona. Ulembe pa foni zimene ukufuna kunena. Koma mawu akaduka mwadzidzidzi pakati pa nyimbo, usayese kumaliza. Amenewo angakhale magazi, ndipo pafunika kukhala chete kotheratu mpaka dokotala atayang'ana m'kholingo ndi kamera. Kusasa kopitirira milungu iwiri nakonso n'kwa dokotala, osati kwa uchi ndi mandimu, chifukwa zimene umameza zimapita kummero osakhudza timinofuto. Chimene chimafikako ndi nthunzi ya madzi imene umapuma, ndiponso madzi amene wamwa tsiku lonse osati pa mphindi yomaliza.

Usanakwere pansanja uzitenga mphindi khumi ndi zisanu kuimbira m'kapaipi komwera zakumwa, kuchokera pansi kukwera pamwamba ndi kubwerera, ndipo ukatsika uzichitanso pang'ono. Uumirire kuti woyendetsa makina a zokuzira mawu akukwezere liwu lako m'makutu, chifukwa munthu amene sakudzimva amakankha mopitirira. Chimene ndikuopa kwambiri ndi maola awiri aja mukamaliza, pamene umaima m'chipinda chaphokoso ndi botolo m'manja n'kumafuula nkhani ndi aliyense. Ndimakudziwa, sutha kusiya munthu osamupatsa moni, ndipo ndinakulera choncho ndine. Koma oimba ambiri amataya mawu pamenepo kuposa pansanja.

Za mowa ndi asipirini ndabwerezanso: uzisiye. Ndatumiza kwa mlongo wako ketulo yaing'ono yamagetsi yopangira nthunzi, ukaitenge Lachinayi, ndipo uzisamala kuti isakuwotche. Ukafika m'tauni yachitatu usandiimbire foni, ungondilembera uthenga kundiuza mmene kanyimbo kam'mawa kaja kakutulukira.

Ine mayi ako.