Malipiro akuthera m'ngongole, ndiyambire pati?

Okondedwa alangizi,

Anzanga onse agona, ine ndili ndi pepala la malipiro ndi cholembera. Ndine mphunzitsi wa zaka 26, ntchito ndayigwira zaka zitatu. Ndalama zenizeni sinditchula, anzanga a kusukulu amawerenga nyuzi ino. Tingoti malipiro anga akachotsa msonkho ndi 100.

Pa 100 imeneyo, 30 sindiiona n'komwe. Kampani ina yobwereketsa ndalama imadula malipiro asanandifike. Ngongoleyo ndi ya miyezi 36, yatsala 22. Ndinagulira bedi ndi matiresi, ina ndinalipirira mayi kuchipatala, ndiye wina asanene kuti ndinadyera. Lendi ndi 20. Kwa mayi ndi mng'ono wanga amene ali pasukulu kumapita 15, pamene achimwene anga, amene amalandira kuposa ine, foni yawo imakhala yozima mwezi ukamatha.

Chikundisowetsa tulo ndi katapila. Ndinatenga 20, chifukwa chake musandifunse. Mwiniwake amafuna theka la ndalamayo mwezi uliwonse ngati chiwongoladzanja, ndiye ndimapereka 10. Miyezi 6 yapita, ndapereka 60, katatu kuposa zomwe ndinatenga, koma akuti 20 ija ikadalipo yonse chifukwa sindinabweze pakamodzi. Khadi langa la kubanki lili kwa iye. Yotsala ndi 25 ya chakudya, thiransipoti, sopo, zonse. Ana amene ndimawaphunzitsa madzulo amandipatsa 10, koma pa holide palibe, ndipo makolo ena amalipira akafuna.

Pali mnzanga wa mu sitafu amene ndinamubwereka 5 chaka chatha. Amandipatsa moni bwinobwino, sabata ino wabwera ndi nsapato zatsopano. Ndi yochepa, inde, koma imandiwawa ndikamuona.

Tsopano kampani ija yandiimbira. Akuti atseka ngongole yakale, andipatsa 200 m'manja, koma tiyambirenso miyezi 48 akudula 35. Ndawerengetsa: yakale yatsala 660, yatsopano ndi 1,680. Kulipira 1,020 yoonjezera kuti ndigwire 200! Komabe mtima ukufuna, chifukwa wakatapila ndingamutseke pakamwa tsiku lomwelo, khadi n'kubwerera.

Ndimafuna nditachita digiri ndisanafike zaka 30, ndigulenso kapuloti. Amene ndili naye paubwenzi akufunsa za ukwati, ndipo za katapilayo sakudziwa.

Ndiye ndithandizeni, mundilembere mwezi ndi mwezi. Ndisaine kapena ayi? Ndikasiya kutumiza kwa mayi miyezi iwiri ndipeza 30, yokwana kutseka 20 ija, koma ndiwauza chiyani mayi odwala? Wakatapila akakana kubweza khadi ndipite kuti? Nanga 40 imene ingamasuke ngongole zonse zikatha, iyambe digiri kapena ndiyambe ndasunga ya pangozi? Ndipo amene ndili naye paubwenziyo ndimuuze za katapila tsopano, kapena ndithane nazo kaye?

Mphunzitsi wothedwa nzeru